Katundu wa m'sitolo safanana: njira ya A, B ndi C

Mukalowa m'sitolo yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, kaya ndi ku Limbe kaya pa boma la Dedza, kawirikawiri mumapeza kuti katundu wokwera mtengo kwambiri ali kuseri kwa kauntala, pafupi ndi mwini wake. Pampu ya madzi ili mu kabati yokhoma, makiyi ali m'thumba. Koma matumba a simenti ali panja pakhonde, anyamata akukweza ndi kutsitsa popanda wowerenga bwinobwino. Mwini sitolo amaona ngati wachenjera. Chonsecho ndalama zake zambiri zili pakhondepo, osati mu kabatimo.

Anthu ophunzira za kasungidwe ka katundu ali ndi njira yoonera zimenezi, ndipo amaitchula kuti ABC. Mfundo yake ndi yakuti pa mitundu yonse ya katundu amene mumasunga, ndi yochepa chabe imene imadya ndalama zambiri pa chaka. Mitundu yochepayo amaiika m'gulu A, yapakatikati m'gulu B, ndipo yambirimbiri yotsalayo, imene ndalama zake n'zochepa, m'gulu C. Nthawi ndi maso a munthu n'zoperewera, choncho ziyenera kupita kumene kuli ndalama.

Maganizowa anachokera kwa katswiri wa zachuma wa ku Italy, Vilfredo Pareto, amene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anaona kuti chuma chambiri cha dziko chimakhala m'manja mwa anthu ochepa. Mu 1951, H. Ford Dickie wa ku kampani ya General Electric ku America analemba nkhani yoonetsa kuti katundu wa m'nyumba zosungiramo zinthu amayendanso chimodzimodzi. Kuyambira pamenepo njirayi yafalikira m'mafakitale, m'masitolo ndi m'zipatala.

Masamu ake ndi a ku pulayimale. Pa mtundu uliwonse wa katundu, mumatenga kuchuluka kwa amene anatuluka m'chaka chonse, n'kuchulukitsa ndi mtengo umene mumaodera chimodzi. Zotsatira zake ndi ndalama zimene katunduyo amadya pa chaka. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka: sitikufunsa kuti chokwera mtengo n'chiti, kapena chotuluka kawirikawiri n'chiti. Tikufuna ziwirizo zitaphatikizana.

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi sitolo ya zomangira yokhala ndi mitundu khumi ya katundu. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, chifukwa masiku ano mtengo wa lero suli wa mawa. M'chaka chathachi anagulitsa matumba a simenti 2,400 amene amaoda pa K25,000 limodzi, ndiye kuti simenti inadya K60 miliyoni. Malata anatuluka 1,500 pa K16,000, zomwe zikukwana K24 miliyoni. Ndowa za penti 150 pa K40,000 zinadya K6 miliyoni, misomali makilogalamu 1,000 pa K4,000 inadya K4 miliyoni, ndipo mapaipi 300 pa K8,000 anadya K2.4 miliyoni.

Zotsalazo n'zing'onozing'ono. Maloko anadya K1.5 miliyoni, mababu K600,000, mahinjesi K400,000, maburashi opentera K200,000. Nanga pampu ya madzi ija? Mtengo wake ndi K450,000, kuposa china chilichonse m'sitolomo, koma chaka chonse anagulitsa ziwiri zokha, choncho inadya K900,000 basi. Zonse pamodzi zikukwana K100 miliyoni.

Tsopano mumandandalika katunduyo kuyambira wodya ndalama zambiri kutsika mmunsi, n'kumaphatikiza pang'onopang'ono. Simenti yokha yatenga K60 pa K100 iliyonse. Mukawonjezera malata mwafika pa K84. Mitundu iwiri yokha pa khumi yanyamula pafupifupi sitolo yonse, ndipo limeneli ndilo gulu A. Penti, misomali ndi mapaipi zikuwonjezera K12.4 miliyoni, ndilo gulu B. Mitundu isanu yotsalayo, theka la mndandanda wonse, ikungokwana K3.6 miliyoni. Limeneli ndi gulu C, ndipo pampu ija ili momwemo, pamene misomali, imene anthu amangoiponda pansi, ili pamwamba pake.

Mabuku ambiri amati gulu A limatenga pakati pa 70 ndi 80 peresenti ya ndalama, B pakati pa 15 ndi 20, C zotsalazo. Manambala amenewa si lamulo. Ine ndimaona kuti ndi bwino kuyang'ana pamene pali phompho pa mndandanda wanu. Kwa mayiyu phompholo likuonekeratu: kuchoka pa K24 miliyoni ya malata kugwera pa K6 miliyoni ya penti. Mzere ulembedwe pamenepo. Amene ali ndi kompyuta angachite zonsezi mu Excel m'mphindi zochepa, koma kope ndi cholembera zimakwananso.

Kugawa magulu pakokha sikupindulitsa kanthu. Phindu limabwera mukasintha kachitidwe, ndipo manambala a mayiyu akuonetsa chifukwa chake. Akanenerera kwa womuodetsa simenti kuti amuchotsere K500 yokha pa thumba, pa chaka wapulumutsa K1.2 miliyoni. Akataya tsiku lonse kuzungulira tauni kufunafuna maburashi otsika mtengo ndi 10 peresenti, wapulumutsa K20,000, imene mwina yathera kale pa kabaza ndi chakudya cha masana. Thumba limodzi la simenti pa matumba 100 aliwonse likamasowa kapena kuuma, pa chaka ndi matumba 24, omwe ndi K600,000. Ndalama imeneyi ikufanana ndi mababu onse amene anagulitsa chaka chonsecho.

Nkhani yaikulu kwambiri ndi ya mpamba wogona. Mayiyu amagulitsa matumba pafupifupi 200 pa mwezi. Akamasunga simenti ya miyezi iwiri, ndiye kuti matumba 400, kapena kuti K10 miliyoni, angokhala m'nyumba. Akapangana ndi womuodetsa kuti azibweretsa milungu iwiri iliyonse, amangofunika matumba pafupifupi 100 nthawi imodzi, ndipo K7.5 miliyoni imamasuka kukagwira ntchito ina. Ndalama yomasukayo ikuposa kawiri ndalama zonse za gulu C za chaka chathunthu. Komanso simenti siikonda kugona, imakoka chinyontho n'kuyamba kuchita miyala.

Choncho katundu wa gulu A amawerengedwa pafupipafupi, mlungu uliwonse kapena tsiku lililonse potseka. Chilichonse cholowa ndi chotuluka chimalembedwa nthawi yomweyo, ndipo mwini sitolo amaoda yekha, pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Wa gulu B angawerengedwe kamodzi pa mwezi. Wa gulu C amafuna zosiyana kwambiri: gulani wambiri kamodzi n'kumuiwala. Mahinjesi a miyezi isanu ndi umodzi amangogoneka K200,000. Njira yosavuta ndi kuwaika m'makatoni awiri. Katoni yoyamba ikatha, mumatsegula yachiwiri n'kuitanitsa ena, osavutika n'kuwerenga limodzilimodzi.

Koma njirayi ili ndi pamene imathera, ndipo amene amaitsatira mwachimbulimbuli amapwetekeka. Imaona ndalama zokha, siiona kufunika kwa chinthu. Munthu wobwera kudzagula malata 40 akamva kuti misomali ya malata yatha, nthawi zambiri amapita kukagula zonse pa sitolo ina. Chinthu chotsika mtengo chathawitsa malonda a gulu A. Choncho kukhala m'gulu B kapena C sikutanthauza kuti katunduyo akhoza kusowa. Kukutanthauza kuti musunge wokwanira kuti musamamuganizire tsiku ndi tsiku. Pampu nayo ikhalebe yokhomeredwa, chifukwa wakuba sayang'ana gulu, amayang'ana chimene anganyamule.

Ku zipatala nkhaniyi imakhudza moyo. Pali mankhwala amene satuluka ambiri ndipo ndalama zake pa chaka n'zochepa, koma tsiku limene akufunika sipakhala kudikira, monga adirenalini wothandiza munthu amene thupi lake lagwirizana moipa ndi mankhwala ena. Pa masamu a ABC mankhwala otere amagwera m'gulu C. N'chifukwa chake osunga mankhwala amawonjezera kagawidwe kena kotchedwa VEN, kamene kamasiyanitsa mankhwala opulumutsa moyo, ofunika, ndi amene angadikire. Mankhwala opulumutsa moyo amayang'aniridwa ngati a gulu A ngakhale atakhala otsika mtengo chotani. Pa chigayo napo zili chomwecho: lamba wa injini sadya ndalama zambiri pa chaka, koma akaduka popanda wina wosungira, chigayo chaima.

Langizo lija losunga simenti yochepa nalo limadalira kuti womuodetsa ndi wodalirika. Pa nthawi imene simenti ikusowa pa msika, kapena mitengo ikukwera mlungu ndi mlungu, wosunga matumba ambiri ndiye amaseka. ABC siikulamulani kuti musunge zochepa. Imangokuuzani kuti chiganizo chokhudza simenti ndicho choyenera kuchiganizira mofatsa, chifukwa kulakwitsa pamenepo n'kokwera mtengo.

Zolakwika zina zimachokera m'manambala enieniwo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja inadumpha nthawi imodzi. Munthu wowerengetsa penti pa mtengo wakale koma malata pa mtengo watsopano amapeza mndandanda wabodza. Gwiritsani ntchito mtengo woodera wa lero pa katundu yense. Samalaninso ndi miyezo, kuti misomali isawerengedwe pa katoni pamene mtengo wake ndi wa pa kilogalamu. Palinso msampha wa katundu amene anasowa. Ngati mapaipi kunalibe kwa miyezi inayi, kope lionetsa kuti satuluka kwambiri, pomwe anthu ankabwerera chifukwa chowasowa. Muyenera kuyerekeza amene akanatuluka akanakhalapo. Ndipo chaka chikhale chathunthu, chifukwa zomangira zimathamanga m'chilimwe anthu atagulitsa zokolola, n'kuzizira m'dzinja. Miyezi itatu yokha ingakunamizeni.

Mungadziwe kuti china chalakwika mukaona kuti theka la katundu wanu lili m'gulu A. Mwina mzere mwaulemba pansi kwambiri, kapena mwagawa chinthu chimodzi m'timaina tambiri. Chizindikiro china n'chakuti katundu wa gulu C akumatha pafupipafupi, zomwe zikutanthauza kuti mwamunyalanyaza mopitirira. Magulu nawonso amasuntha, choncho masamuwa abwerezedwe kamodzi kapena kawiri pa chaka.

Ngati muli ndi sitolo, golosale kapena mumasunga katundu wa pa ntchito, tengani malisiti oodera a miyezi 12 yapitayi, muchulukitse kuchuluka ndi mtengo pa chinthu chilichonse, mundandalike kuyambira chachikulu. Mitundu iwiri kapena itatu imene ikhale pamwamba muyambe kuiwerenga nokha Loweruka likubwerali.