Chifukwa Chake Chovala cha Discord Sichikhalitsa

Pulogalamu yochezera ya Discord pakompyuta inamangidwa pa Electron, choncho mkati mwake ndi tsamba la pa intaneti. Okonda kuikongoletsa amaika BetterDiscord kapena Vencord, zomwe zimalowetsamo malamulo a CSS osintha mitundu ndi zilembo.

Lamulo lililonse limaloza chigawo china potchula dzina lake, ndipo vuto lagona pamenepo. Maina ambiri amathera ndi zilembo zopangidwa ndi makina, zomwe zimatha kusintha pulogalamu ikakonzedwanso. Zikatero lamulo limasowa poligwira, mitundu yakale n'kubwerera popanda chenjezo.

Odziwa amaloza mbali yosasintha ya dzinalo, monga `[class*="sidebar"]`, ngakhale njirayi imakolanso zigawo zina zosafunika. Dziwaninso kuti malamulo a Discord salola kusintha pulogalamu yawo.