Fomula Imodzi, Makina Awiri: Dera Lomwe Limaweruza

Maikolofoni ikayandikira sipika, phokoso loboola makutu limabuka. Mawu otuluka m'sipika amalowanso m'maikolofoni, n'kutuluka atakula, n'kulowanso. Mainjiniya opanga mafoni ndi mawailesi amafuna kudziwa ngati makina awo angachite zotere asanawalumikize n'komwe. Chida chawo ndi tiransifomu ya z, dzina lomwe linachokera kwa John Ragazzini ndi Lotfi Zadeh a ku yunivesite ya Columbia mu 1952.

Foni imasunga mawu ngati mndandanda wa manambala. Tiyerekeze makina omwe amatenga nambala yalowa kumene n'kuiphatikiza ndi yomwe anatulutsa komaliza, ataichulukitsa ndi a:

y[n] = x[n] + a·y[n−1]

Tiwapatse 1 kamodzi kokha, kenako ziro basi. Ngati a ndi 0.5, atulutsa 1, 0.5, 0.25, mpaka kuzirala. Ngati a ndi 2, atulutsa 1, 2, 4, 8, osaleka. Mndandanda wotulukawu timautcha h[n].

Tiransifomu ya z imatenga nambala iliyonse ya mndandandawo, kuigawa ndi zⁿ, n'kuphatikiza zonse:

H(z) = 1 + a/z + (a/z)² + …

Samu imeneyi ilibe polekezera, choncho imakhala ndi yankho pokhapokha zophatikizazo zikamachepa, ndiye kuti a/z ikachepera 1 pa kukula kwake. Apa z ndi malo pa pepala, ndipo |z| ndi mtunda wake kuchokera pakati. Samuyi imatheka pomwe |z| > |a|, kunja kwa mkombero wodutsa pa a, ndipo yankho lake ndi z/(z − a). Malo onse omwe samu imathekawa ndiwo dera la yankho. Pa z = a penipeni fomula imagawa ndi ziro; pamenepo pamatchedwa polo, ndipo dera silingakhale ndi polo mkati mwake. Mapolo ndiwo malire.

Tsono nachi chomwe chimapunthwitsa ophunzira ambiri. Tengani mndandanda wina womwe uli ndi manambala nthawi ya ziro isanakwane, wa h[n] = −2ⁿ pomwe n ndi −1, −2, −3, osaleka. Pobwerera m'mbuyo manambala ake ndi −0.5, −0.25, −0.125. Mukaphatikiza mupeza z/(z − 2), fomula yomweyo ya mndandanda wa 1, 2, 4, 8 uja. Chosiyana n'chakuti samu iyi imatheka pomwe |z| < 2, mkati mwa mkombero. Fomula payokha sinena makina omwe muli nawo. Dera ndilo limanena.

Funso loyamba lomwe dera limayankha ndi lakuti, kodi makinawa amadikira kuti alandire kanthu asanayankhe? Makina otere h[n] yawo ndi ziro nthawi ya ziro isanakwane, choncho samu yawo ili ndi zogawa ndi z zokhazokha, zomwe zimachepa z ikamakula. N'chifukwa chake dera lawo limayambira pa polo yakutali kwambiri n'kupita kunja osalekeza. Dera likakhala lamkati, makinawo amafuna manambala omwe sanafike.

Funso lachiwiri ndi la kukhazikika: kodi zolowa zikakhala ndi malire, zotuluka nazo zikhala ndi malire? Zimatero ngati kukula kwa manambala onse a h[n] kuphatikizana n'kupereka nambala yeniyeni. Imeneyi ndiyo samu yathu ija pomwe |z| = 1, chifukwa pamenepo kugawa ndi zⁿ sikusintha kukula kwa nambala. Motero makina ndi okhazikika ngati mkombero wa |z| = 1 uli m'dera.

Tiyese pa makina a mapolo awiri:

H(z) = z/(z − 0.5) + z/(z − 2)

Jambulani mikombero iwiri, wa 0.5 ndi wa 2. Papezeka madera atatu. Kunja kwa 2, makina amadikira zolowa, koma mkombero wa 1 watsala kunja kwa dera, ndipo gawo la 2ⁿ limakula mopanda malire. Pakati pa 0.5 ndi 2 mkombero wa 1 ulimo, makina ndi okhazikika, koma gawo la polo ya 2 limadalira zam'tsogolo. Mkati mwa 0.5 zonse ziwiri zalephereka.

Dera lapakatilo si lachabe. Pokonza mawu ojambulidwa kale, manambala akutsogolo amakhala alipo m'kompyuta, ndiye makina otere amagwira ntchito bwino. Koma pa foni munthu akulankhula, mawu omwe sanatuluke m'kamwa palibe angawawerenge.

Kuti makina akwaniritse zonse ziwiri, dera lakunja liyenera kuphimba mkombero wa 1, ndiye kuti mapolo onse akhale mkati mwake. Kukhala pamzere penipeni sikukwanira: a ikakhala 1 n'kumalowetsa 1 nthawi zonse, zotuluka ndi 1, 2, 3, kumangokwera. Injiniya akaona polo pa 0.99 amasamala, chifukwa kompyuta ikadula manambala powasunga, poloyo itha kusunthira pa mkombero kapena kuudutsa.