Kalata yopempha kusintha kagwiridwe ka ntchito: nenani zokwanira, zina sungani

Ndine namwino, koma sindigwira ntchito m'wodi. Ndimaona za umoyo wa anthu pantchito kuno ku England. Kampani ikatumiza wantchito wake kwa ine, timacheza, kenaka ndimalemba lipoti lalifupi lonena ngati angathe kugwira ntchito ndiponso zimene zingasinthidwe kuti aigwire bwino. Ambiri amabwera ali ndi mantha, akuganiza kuti ndine maso ndi makutu a abwana. Sizili choncho. Lipotilo silichoka m'manja mwanga mwini wake asanavomereze, ndipo zambiri zimene timakambirana sizilowamo n'komwe.

Abale athu ambiri amene anabwera kuno akugwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo ena mwa iwo akulimbana ndi matenda a nkhawa. Sindikunena nkhawa ya tsiku limodzi imene aliyense amakhala nayo lendi ikayandikira. Ndikunena ija yokhalitsa, yolanda tulo, imene nthawi zina imagwira munthu mwadzidzidzi, mtima n'kuyamba kuthamanga, thukuta kamukamu, mpweya kubanika ngati akufa. Munthu wotere akaganiza zolembera abwana ake, kawirikawiri amalakwitsa mbali imodzi mwa ziwiri: kapena amakhuthula zonse za kumtima, kapena amangolemba kuti "sindikupeza bwino masiku ano" basi. Makalata onse awiriwa samuthandiza.

Tiyambe ndi wobisayo, poti ndiye amene lamulo limavutika kumuteteza. Ku England, Scotland ndi Wales kuli lamulo la Equality Act la 2010. Limanena kuti wolemba ntchito ayenera kusintha zinthu moyenera kuti wantchito amene ali ndi ulumali asavutike kuposa anzake. Mawu akuti ulumali amadabwitsa ambiri, koma m'lamuloli akuphatikiza vuto la m'thupi kapena la m'maganizo limene limasokoneza ndithu zochita za tsiku ndi tsiku, ndipo latha miyezi 12 kapena likuoneka kuti lifika pamenepo. Matenda a nkhawa angathe kulowa m'gulu limeneli. Ngakhale mankhwala akukuthandizani, lamulo limayang'ana mmene mukanakhalira mukanapanda kumwa. Koma udindo wa abwana umayamba pamene adziwa, kapena pamene akanayenera kudziwa, kuti muli ndi vutoli. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mukangoti "ndatopa", abwana adzanena mawa kuti aliyense pano ndi wotopa, ndipo kudzakhala kovuta kuwatsutsa.

Ndiye pali zinthu zimene kalata siyenera kuzemba. Inene kuti ili ndi vuto la umoyo, kuti lakhalitsa, ndiponso kuti likukhudza ntchito m'njira yakutiyakuti. Kodi mutchule dzina la matendawo? Lamulo silikukakamizani. Mungathe kulemba kuti muli ndi vuto la umoyo wa m'maganizo limene dokotala akulidziwa. Koma ine ndimaona kuti kutchula nkhawa kamodzi, m'chiganizo chimodzi, kumathandiza, chifukwa munthu wosauzidwa amayamba kuganizira zinthu zoposa zimene zilipo.

Wokhuthula zonse uja vuto lake ndi lina. Mayi wina wosamalira okalamba anandionetsa kalata imene ankafuna kutumiza kwa manijala wake. Inali yaitali, ndipo zonse zinali zoona: banja linatha, ana ali kumudzi ndi agogo awo, ngongole ya ulendo wobwera kuno sinathe, dzina la mankhwala ndi mlingo wake, usiku umene analira m'chimbudzi cha kuntchito. Ndinawerenga mtima ukundipweteka. Koma nditafika kumapeto sindinapeze chimene ankapempha. Manijala akanaiwerenga, akanamva chisoni, mwina n'kuwauza kuti akapume masiku angapo, ndipo atabwerera akanapeza zonse zili momwemo.

Palinso china. Kalata imaikidwa m'fayilo. Manijala wa lero adzachoka, kudzabwera wina amene simukumudziwa, ndipo adzawerenga za banja lanu. N'zoona kuti malamulo a kuno amateteza mwapadera nkhani za umoyo wa munthu, koma chimene mwalemba mwalemba, simungachichotse m'mutu mwa amene wawerenga. Chifukwa chake ndimauza anthu kuti chiganizo chilichonse achifunse funso limodzi: kodi abwana akufunika kudziwa zimenezi kuti asinthe chimene ndikupempha? Gwero la nkhawa yanu ndi nkhani ya inu ndi dokotala kapena mlangizi wanu. Abwana ndi eni ake a ndandanda wa mashifiti, choncho auzeni zokhudza ndandandawo.

Ndi mayi aja tinaika kalata pambali n'kuyamba kufufuza kuti vuto limakula liti. Zinapezeka kuti ntchito yeniyeniyo, kusambitsa, kudyetsa ndi kucheza ndi okalamba, sinali kuwavuta. Chimene chinkawagwetsa ndi kusinthidwa shifiti mwadzidzidzi ndi uthenga wa pafoni usiku, komanso kuchoka pa shifiti ya usiku kupita ya masana m'sabata yomweyo, zimene zinkasokoneza tulo. Tulo tikasowa, nkhawa imakula. Analinso ndi nthawi yokumana ndi mlangizi Lachiwiri masana imene ankaiphonya kawirikawiri. Pamenepo kalata inapezeka yokha. Inalembedwa m'Chingelezi, pamutu pa imelo pali mawu akuti "Request for reasonable adjustments", amene ofesi yoona za antchito imawazindikira msanga. Zimene inanena ndi izi:

"Okondedwa Amanijala, ndikulemba kupempha kuti zinthu zina zisinthidwe pa kagwiridwe kanga ka ntchito, motsatira lamulo la Equality Act la 2010. Ndili ndi matenda a nkhawa amene akhala nane kopitirira chaka, ndipo ndikulandira chithandizo. Ntchito yanga ndimaitha ndipo ndikufuna kuipitiriza. Vutoli limakula shifiti ikasinthidwa mwadzidzidzi, ndiponso ndikasakaniza mashifiti a usiku ndi a masana m'sabata imodzi. Ndikupempha zinthu zitatu. Ndandanda wanga ndiziulandira kutatsala masabata awiri, ndipo ngati pakufunika kusintha kutatsala maola osakwana 48, ndizifunsidwa kaye. M'sabata imodzi ndizigwira usiku wokhawokha kapena masana okhaokha. Lachiwiri ndizimasulidwa kuyambira 2 koloko masana kuti ndikalandire chithandizo, ndipo maolawo ndizibweza tsiku lina. Tingathe kuyesa zimenezi kwa masabata asanu ndi atatu kenaka n'kuonanso. Ndine wokonzeka kukumana ndi oona za umoyo pantchito. Ndikupempha kuti nkhaniyi idziwike kwa okhawo amene akufunika kuidziwa, ndiponso kuti tikumane pasanathe masabata awiri. Ine wanu pantchito."

Taonani mmene pempho lililonse lamangiriridwa ku vuto limene latchulidwa. Palibe kupepesa, palibe kuopseza. Lamulo latchulidwa kamodzi kuti kalatayo isatengedwe ngati yopempha chifundo. Chiganizo chakuti "ntchito yanga ndimaitha" n'chofunika kwambiri, chifukwa funso loyamba m'mutu mwa manijala wa nyumba yosamalira okalamba ndi lakuti kodi okalambawo ali otetezeka m'manja mwa munthuyu.

Mwaonanso kuti sanapemphe kuchepetsa maola. Tinachita dala. Amene ali pa viza yodalira kampani ayenera kusamala apa, chifukwa maola akachepa malipiro amatsika, ndipo akatsika kupitirira mlingo umene boma linaika pa vizayo pangabuke vuto lina. Musanapemphe zochepetsa maola, funsani kaye mlangizi wovomerezeka wa nkhani za maviza. Ndikudziwa kuti viza yomweyi ndi imene imatseka anthu ambiri pakamwa, poopa kuti akalankhula adzachotsedwa. Chitetezo cha lamulo la 2010 sichisankha kuti uyu ndi mbadwa, uyu ndi wobwera, ndipo sichidikira kuti mukhale zaka pakampanipo. Kuzunza munthu chifukwa chakuti wapempha zimene lamuloli limamupatsa n'kuphwanyanso lamulo lomwelo.

Komabe si chilichonse chopemphedwa chimene abwana ayenera kuvomera. Lamulo limati kusinthako kukhale koyenera, ndipo poyeza zimenezi amayang'ana ngati kungathandizedi, ngati n'kotheka, mtengo wake, ndiponso kukula kwa kampani. Nyumba yaing'ono ya antchito ochepa ingavutike kulonjeza kuti simudzagwiranso usiku, pamene kampani yaikulu ingathe. N'chifukwa chake nthawi yoyesera imathandiza: manijala amene akuopa kulonjeza mpaka kalekale savutika kuvomera masabata asanu ndi atatu. Kwa mayi aja, ziwiri zinavomerezedwa. Za maola 48 manijala anati sangalonjeze pamene wina wadwala mwadzidzidzi, koma anagwirizana kuti aziwaimbira foni kuwafunsa, m'malo mongowatumizira uthenga wowauza kuti shifiti yasintha. Zimene kampani yasintha, wantchito salipira.

Pamsonkhano ndi pamene ambiri amaulula zimene anazibisa bwino m'kalata. Manijala, mwina mwa chifundo chenicheni, amafunsa kuti, "Kodi chinachitika n'chiyani?" ndipo ife tinaleredwa kuti wamkulu akafunsa umayankha. Konzekerani yankho musanalowe: "Zikomo pofunsa. Zimenezo ndikukambirana ndi adokotala. Pano ndikufuna tione za ndandanda." Ndi ulemu wokwanira. Manijala akafuna umboni, kalata ya dokotala ya kuno ili ndi malo olembapo kuti mungathe kugwira ntchito ngati maola kapena ntchito zina zitasinthidwa. Njira ina ndi kutumizidwa kwa anthu ngati ine, ndipo pemphani kuona lipotilo lisanapite.

Pali malire amodzi pa kusunga chinsinsi. Ngati mankhwala amene mukumwa amakugonetsani, ndipo ntchito yanu ndi yogawa mankhwala kwa okalamba, kuwanyamula ndi makina kapena kuyendetsa galimoto, musabise. Uzani namwino kapena dokotala woona za umoyo pantchito. Iye adzalemba kwa abwana zimene ziyenera kusamalidwa popanda kutchula dzina la mankhwalawo. Ndipo ngati mwafika poganiza zodzivulaza, imeneyo si nkhani ya kalata: onanani ndi dokotala wanu kapena imbani 111 lero lomwe, ndipo ngati moyo uli pangozi imbani 999.

Mukatha kukambirana, tumizani imelo yaifupi yobwereza zimene mwagwirizana ndi tsiku lodzaonanso, ndipo sungani kope lanu pamalo ena osati pakompyuta ya kuntchito. Abwana akakana, pemphani kuti alembe zifukwa zake. Akangokhala chete, kumbutsani molemba, kenaka pitani kwa woimira yuniyoni yanu kapena imbirani bungwe la Acas, limene limapereka malangizo aulere pa nkhani za ntchito. Nthawi yokasuma kukhoti la milandu ya ntchito ndi ya miyezi yochepa chabe, choncho musadikire kuti muone ngati zinthu zisintha zokha, funsani msanga.