Musanaitane katswiri wa webusaiti, yalani makadi pa mphasa

Mabungwe ambiri a m'madera akapeza kandalama ka webusaiti amathamangira kufunsa za mitundu ndi malo oika chizindikiro chawo. Funso loti pakhale masamba angati, ndipo mlendo adzawapeza bwanji, limabwera katswiri atayamba kale ntchito. Zikatero menyu, womwe ndi mndandanda wa mitu imene munthu amadina kuti afike pomwe akufuna, amangotengera momwe komiti inakhalira: Uthenga wa Wapampando, Masomphenya, Nthambi, Malamulo a Bungwe. Mayi wofuna kudziwa tsiku lolembetsa mwana ku mkombaphala sapezapo pogwira.

Tiyerekeze bungwe la m'dera lomwe lili ndi sukulu ya mkombaphala, magulu a banki mkhonde ndi nazale ya mitengo. Ntchito yoyamba safunira magetsi. Mlembi ndi ena amene amayankha foni alembe mafunso omwe anthu amafunsa kawirikawiri, lililonse pa kakhadi kake. Mumakumana liti? Mbande mumagulitsa bwanji? Ndingatumize thandizo pa Airtel Money kapena Mpamba? Muli ndi chikalata cha kaundula? Lipoti la chuma la chaka chatha lili kuti? Makadi 30 ndi okwanira poyambira.

Kenako makadiwo aperekedwe kwa anthu omwe si a komiti: kholo, wachinyamata, mlangizi wa zaulimi, wogwira ntchito ku bungwe lothandiza ndi ndalama. Aliyense payekha awaunjike m'milu momwe iye akuonera kuti zikugwirizana, ndipo mulu uliwonse aupatse dzina. Inu musamuthandize, ngakhale mtima ukuyabwa. Ingojambulani miluyo ndi foni, sakanizani makadi, muitane wina. Jakob Nielsen, katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka mawebusaiti, analangiza mu 2004 kuti anthu 15 amakwana pa ntchito imeneyi. Bungwe laling'ono likapeza ochepera apo lisagwe mphwayi, pakuti milu yobwerezabwereza imayamba kuoneka msanga.

Pa bungwe lathuli, miluyo ingathe kubala mitu isanu: Ndife Yani, Ntchito Zathu, Zochitika, Thandizani, Tipezeni. Mkombaphala, banki mkhonde ndi nazale zilowa pansi pa Ntchito Zathu, chilichonse ndi tsamba lake. Uthenga wa wapampando usanduka ndime imodzi mu Ndife Yani, ndipo apa mkangano sulephera kubuka.

Khadi lovuta ndi lija la lipoti la chuma. Ena aliika ku Ndife Yani, ena ku Thandizani, ndipo onse akulondola. Musalembe masamba awiri, chifukwa chaka chamawa wina adzakonza limodzi n'kuiwala linalo. Lipotilo likhale malo amodzi, kwinako muike linki yolozera komweko. Makadi osowa kwawo nawo asakunyengeni kutsegula mutu wa Zina ndi Zina. Umenewo umadzaza msanga ngati dzala, ndipo palibe amakafunamo kanthu.

Chifukwa china chochepetsera mitu ndi foni. Alendo ambiri adzabwera pa foni ndi bandulo yowerengera, ndipo pamenepo menyu nthawi zambiri amabisala kuseri kwa timizere titatu pakona. Mutu wokhala ndi timitu pansi pake, natonso tili ndi tina pansi, umatopetsa chala. Masitepe awiri akwana. Nkhani ya chilankhulo ithenso pano: ngati masamba adzakhala m'Chichewa ndi m'Chingerezi, masamba 12 asanduka 24, ndipo onsewo afuna wowasamala.

Musanamange webusaiti, yesani mapu a mitu ndi masambawo. Lembani mitu isanu ija papepala, muuze munthu amene sanaone makadi kuti, "Mukufuna kugula mbande 50, mudina pati?" Akaloza Thandizani pomwe inu munaziika ku Ntchito Zathu, ndipo wachiwiri ndi wachitatu n'kuchitanso chimodzimodzi, vuto ndi dzina la mutu kapena malo a tsambalo. Papepala mungofufuta ndi kulembanso. Webusaiti ikamangidwa, kusuntha tsamba kungasinthe adiresi yake, ndipo linki yomwe inazungulira kale m'magulu a WhatsApp imayamba kuonetsa 404, kutanthauza kuti tsambalo silikupezeka. Mu WordPress kusintha dongosolo la menyu n'kosavuta, koma maadiresi akale amafuna wina awalozere ku atsopano.

Chomaliza pa pepalalo ndi maina. Pambali pa tsamba lililonse lembani amene adzalilemba ndi nthawi yoliunikanso: msungichuma ku Thandizani, mlembi ku Zochitika. Tsamba la Zochitika lomwe nkhani yake yomaliza ndi ya zaka ziwiri zapitazo limauza wothandiza kuti bungwe linafa, ngakhale ana akudya phala tsiku lililonse. Tsamba limene palibe wavomera kulisamala lichotseni pa mapu, ndipo katswiri mumuitane pepalalo komiti italivomereza.