Galafu ya pa foni: khulupirira manambala, osati maso

Mnzako wa Fomu 4 wakutumizira chithunzi cha galafu ya fizikisi. Anajambula pepala lili pa desiki, foni itapendekeka, moti timabokosi ta kumtunda tikuoneka tating'ono kuposa ta kumunsi. Funso likufuna giladiyenti, ndiko kutsetsereka kwa mzere, ndi intasepiti, pomwe mzerewo ukudula mzere wa y.

Usaike lula pa foni. Kamera imapotoza utali ndi ngodya, koma mzere umadutsabe pa mphambano zomwezo za timabokosi. Choncho kuza chithunzicho, uziwerenga motsatira mizere ya pepalayo ngakhale ikuoneka yopendekeka.

Titenge galafu ya sipuling'i yomwe akuipachika zolemera. Mzere wa x ukuonetsa mphamvu m'manyutoni, wa y utali wa sipuling'i m'masentimita. Yamba wadziwa mtengo wa kabokosi kamodzi mbali iliyonse, chifukwa kawirikawiri sufanana. Ngati pakati pa 10 ndi 15 pali timabokosi khumi, kamodzi ndi 0.5, osati 1.

Tsopano sankha malo awiri pa mzere weniweniwo, pomwe wadutsa bwino pa mphambano, ndipo akhale otalikirana. Tinene kuti wapeza (2, 14) ndi (10, 30). Lamulo lake ndi ili:

```
m = (y2 - y1) / (x2 - x1)
```

Kukwera ndi 30 kuchotsa 14, yomwe ndi 16. Kupita cham'mbali ndi 10 kuchotsa 2, yomwe ndi 8. Giladiyenti ndi 2, kutanthauza kuti nyutoni iliyonse ikutalikitsa sipuling'i ndi masentimita awiri.

Kutalikirana kuja si mwambo chabe. Pa chithunzi chosaoneka bwino nkosavuta kuphonya kabokosi kamodzi. Ukatenga (2, 14) ndi (3, 16), nkuwerenga 16.5 m'malo mwa 16, giladiyenti ituluka 2.5. Kuphonya komweko pa malo akutali, 30.5 m'malo mwa 30, kukupatsa pafupifupi 2.06 basi.

Pa intasepiti ndi pomwe ambiri amagwa, ndipo zimandiwawa chifukwa ntchito yovuta amakhala atamaliza kale. Amangoona pomwe mzere wagunda m'mphepete mwa kumanzere nkulemba nambala imeneyo. Koma wojambula akhoza kudula mbali ya pepala, kapena mzere wa x ukhoza kuyambira pa 1. Zikatero m'mphepetemo uwerenga 12, pomwe intasepiti imafuna x ikhale 0. Njira yodalirika ndi kuwerengera pogwiritsa ntchito y = mx + c. Ika (2, 14): 14 = 2 × 2 + c, ndiye c ndi 10. Umenewu ndi utali wa sipuling'i isanapachikidwe kanthu.

Usanalembe yankho, yesa pa malo achitatu. Pa x = 6, y iyenera kukhala 22. Ngati chithunzi chikuonetsa nambala yotalikirana ndi imeneyi, bwerera ukawerengenso timabokosi. Ngati manambala a m'mbali sakuoneka n'komwe, muuze mnzakoyo ajambulenso, foni ili pamwamba penipeni pa pepala, pamalo owala.