Mutu Ukawawa ku Italy: Mawu Okauza Dokotala

Munthu amene wakhala ku Italy miyezi ingapo amatha kugula buledi ndi kufunsa njira ya ku siteshoni m'Chitaliyana popanda vuto. Chilankhulocho chimamuthawa tsiku limene wadzuka thupi likuphwanya. Dokotala, amene kumeneko amamutcha dottore akakhala bambo ndi dottoressa akakhala mayi, amayang'ana wodwalayo n'kufunsa: "Dove Le fa male?", kutanthauza kuti, pakukupwetekani ndi pati? Kuloza ndi chala kumathandiza, koma chala sichinena kuti ululuwo unayamba liti kapena ukumveka bwanji.

Wolankhula Chichewa ali ndi mwayi pamenepa, chifukwa Ataliyana amadandaula ululu monga momwe amadandaulira iye. M'Chichewa, mutu ndi umene umachita ntchito yopweteka, ndipo mwini mutuyo amangolandira: mutu ukundipweteka. Chitaliyana chimayenda chimodzimodzi. "Mi fa male la testa" ndi mawu oti mi, kwa ine, fa male, ukuchita zowawa, la testa, mutu. Chiwalo chikakhala chimodzi mneni ndi fa, zikakhala zingapo amasintha n'kukhala fanno, monga "ukundipweteka" amasandukira "ikundipweteka" pokamba za miyendo. Choncho mwendo umodzi ndi "mi fa male la gamba", iwiri ndi "mi fanno male le gambe". Amene wagwira kasinthidwe aka wagwira theka la nkhani yonse, poti chotsala n'kungolowetsa dzina la chiwalo: la schiena msana, il petto chifuwa, la gola pakhosi, il collo khosi lakunja, la pancia pamimba, l'occhio diso, il dente dzino.

Kuwerenga mawu amenewa kuli ndi msampha wake. Zilembo ch, zimene m'Chichewa zimamveka monga mu "chala", kwa Ataliyana zimamveka k. Motero schiena amatchulidwa "skyena" ndipo occhio ndi "okkyo". Liwu la "cha" limabisala kwina: pancia ndi "pancha". Ziwalo zina zimasinthanso mwachilendo zikachuluka. Mkono ndi il braccio koma mikono ndi le braccia, bondo ndi il ginocchio koma mawondo ndi le ginocchia. Wodwala akaphonya pamenepa dokotala amamvabe, ndiye si pofunika kutayapo tulo. Pofunika kusaphonya ndi destra, kumanja, ndi sinistra, kumanzere.

Pali njira ina yachidule yogwiritsa ntchito ho, ndili ndi. "Ho mal di testa" ndi litsipa kapena mutu wamba, "ho mal di pancia" ndi m'mimba mopweteka, "ho la tosse" ndi kutsokomola, "ho la nausea" ndi nseru. Chizungulire amachinena mokoma, "mi gira la testa", mutu ukundizungulira.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Zomba amene akuphunzira mumzinda wa Perugia. Wabwerako kumudzi kutchuthi masiku khumi apitawo, ndipo tsopano kwa masiku atatu thupi likutentha, akunjenjemera, mutu ukuwawa ndiponso mafupa akuphwanya. Kwawo akanangoti "ndadwala malungo" ndipo aliyense akanamva. Koma liwu la malungo m'kamwa mwa anthu ambiri limanyamula zinthu ziwiri, kutentha thupi kwamtundu uliwonse ndi matenda enieni ofalitsidwa ndi udzudzu. Chitaliyana chimazilekanitsa. Kutentha thupi ndi la febbre, matenda a udzudzu ndi la malaria, liwu limene linabadwira ku Italy komweko kuchokera ku mal'aria, mpweya woipa, pamene anthu ankaganiza kuti nthenda imachokera ku fungo la madambo. Dzikolo linalengezedwa kuti lathana ndi malungo mu 1970, ndipo dokotala wa ku Perugia akaona munthu wotentha thupi m'nyengo yozizira, choyamba kumubwerera m'maganizo ndi chimfine champhamvu chimene amachitcha influenza.

N'chifukwa chake mayiyu sayenera kuima pa "ho la febbre". Ayambe ndi nthawi: "Ho la febbre da tre giorni", thupi lakhala likutentha kwa masiku atatu. Kaliwu ka da kamasonyeza chinthu chimene chinayamba kale ndipo chikupitirira. Ngati anadziyeza, anene nambala monga amanenera eni ake, "trentotto e mezzo", ndiye kuti madigiri 38.5. Awonjezere "ho i brividi", ndikunjenjemera, ndi "mi fanno male le ossa", mafupa akundiwawa. Kenako anene chiganizo chimene chingapulumutse moyo wake: "Sono tornata dal Malawi dieci giorni fa", ndabwera kuchokera ku Malawi masiku khumi apitawo. Mwamuna anganene tornato. Apa fa ali kumapeto ndipo akutanthauza "apitawo", osati kupweteka. Sikulakwa kufunsa mosabisa kuti "Può essere malaria?", kodi angakhale malungo? Malungo a mtundu wofala ku Malawi amatha kufika poopsa m'masiku ochepa, ndipo amadziwika poyeza magazi basi.

Funso lovuta kwambiri kwa ambiri ndi la mtundu wa ululu. Chichewa n'cholemera pamenepa, chili ndi kulasa, kubaya, kutentha, kupota, kuphwanya, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona munthu wodziwa mawu onsewa akungobwereza male, male pamaso pa dokotala. Ululu wolasa mwadzidzidzi ndi una fitta. Wotentha ngati tsabola ndi brucia, ndipo chilungulira ndi bruciore di stomaco. Wogunda motsatira mtima, ngati wa chithupsa chimene chapsa, ndi pulsante. Wosalasa koma wosachoka amautcha sordo, liwu limene kwenikweni limatanthauza gonthi. M'mimba mukamapota ndi i crampi. Ululu wobwera n'kupita ndi "va e viene". Nthawi zambiri namwino amafunsanso kuti ululuwo ndi wochuluka bwanji kuyambira 0 mpaka 10, ndipo kupirira kumene anthu amatamandidwa nako kumudzi sikuthandiza apa: amene akumva 8 n'kunena 3 akhoza kudikira nthawi yaitali.

Kudikirako kuli ndi dongosolo. Matenda wamba amapita kwa medico di base, dokotala wa banja amene munthu amasankha akalembetsa m'ndondomeko ya zaumoyo ya boma, yomwe inakhazikitsidwa mu 1978. Zadzidzidzi zimapita ku pronto soccorso, kumene namwino amamvetsera wodwala, n'kumuyeza, n'kumupatsa mtundu. Malangizo a dziko a 2019 anaika mitundu isanu, kuyambira rosso, wofiira, wa amene moyo uli pachiswe, kutsika mpaka bianco, woyera, wa amene angathe kudikira. Mawu monga "ho un peso sul petto", ndikumva cholemera pachifuwa, kapena "non riesco a respirare", ndikulephera kupuma, sadikira kuti munthu akwere basi. Amaimbirapo 112 kapena 118, ambulansi ibwere.

Asanalembe mankhwala, dokotala adzafunsa ngati pali ena amene wodwala akumwa kale kapena amene thupi lake limadana nawo. Yankho ndi "prendo" kutsatiza dzina la mankhwalawo, kapena "sono allergica alla penicillina", mwamuna n'kunena allergico. Mayi woyembekezera anene "sono incinta" ngakhale asanafunsidwe. Ndipo dokotala akayamba kuthamangitsa mawu, mayi wa ku Zomba uja ali ndi ufulu womudula mwaulemu: "Può parlare più lentamente, per favore?", chonde lankhulani pang'onopang'ono, kenako "Me lo può scrivere?", mungandilembere papepala?