Mwala umodzi, tsiku ndi tsiku: kugwira sikelo imene yayamba kunama

Sikelo ya mu labotale ikawonongeka mwadzidzidzi savutika kuizindikira, chifukwa manambala ake amangosokonekeratu. Yoopsa ndi ija imene imasuntha pang'onopang'ono, lero kanthu kochepa, mawa kena, mpaka patapita miyezi mankhwala onse amene anayezedwa pa sikeloyo ayamba kukayikitsa. Zili ngati kukula kwa mwana: amene amakhala naye pakhomo sakuona, koma mizere yolemba pakhoma ndiyo imaulula.

Njira yolondola kusunthaku inachokera kwa Walter Shewhart, amene mu 1924, ku Amereka, anajambula tchati choyang'anira ntchito ya m'fakitale yopanga zipangizo za telefoni. Akatswiri oyeza zinthu anaitengera ku ntchito yawo. Amasankha chinthu chimodzi chosasinthasintha, nachiyeza tsiku lililonse mwa njira yomweyomweyo. Nambala ikayamba kusintha, amadziwa kuti penapake pavuta.

Tiyerekeze kuti labotale ili ndi sikelo yotha kuwerenga mpaka miligalamu 0.1, ndi mwala wachitsulo wa magalamu 100 wosungidwa m'kabokosi kake. M'mawa uliwonse, sikelo itayaka kwa kanthawi, woyeza amaika mwalawo ndi kulemba kuti wapitirira kapena wapelewera ndi mamiligalamu angati. Patatha masiku 25 amawerengera avereji, tinene kuti yapezeka 0.4. Amawerengeranso kumwazikana kwa manambalawo, kumene akatswiri amakutcha sigima, tinene kuti ndi 0.2. Pa pepala amajambula mzere wapakati pa 0.4, mizere yochenjeza pa 0.0 ndi 0.8, ndiponso mizere ya malire pa -0.2 ndi 1.0, kutanthauza masigima atatu uku ndi uku. Kuyambira pamenepo tsiku lililonse limakhala ndi kadontho kake.

Masiku 25 aja asalowedwe m'malo ndi kuyeza ka 25 m'mawa umodzi. Kuyeza motsatizana kumapereka manambala ofanana kwambiri, chifukwa kutentha kwa m'chipinda, chinyezi ndi dzanja la woyeza sizinasinthe. Malire ochokera pamenepo amakhala opanikiza, ndipo tchati chimangochenjeza pachabe mpaka anthu amasiya kuchilabadira.

Kadontho kakadumpha malire, ntchito imaima kaye. Pa sikelo yabwinobwino zimenezi zimachitika mwangozi pafupifupi kamodzi pa miyeso 370, choncho si nkhani yoinyalanyaza. Komabe phindu lenileni la tchati, mmene ndikuonera, lili m'kati mwa malire. Taonani manambala awa a masiku asanu ndi atatu otsatizana: 0.5, 0.6, 0.5, 0.6, 0.7, 0.6, 0.7, 0.7. Palibe ndi imodzi yomwe imene yafika ngakhale pa mzere wochenjeza. Munthu wongolemba m'kaundula akanati zonse zili bwino, ndipo tsiku lililonse palokha akananena zoona. Koma pa tchati madontho onsewo ali pamwamba pa mzere wapakati. Sikelo ikakhala kuti sinasunthe, kadontho kamatha kugwera pamwamba kapena pansi mofanana, ndipo mwayi woti asanu ndi atatu otsatizana agwere pamwamba pokhapokha ndi umodzi pa 256. N'chifukwa chake buku la kampani ya Western Electric la mu 1956 linaika mndandanda wotere pakati pa zizindikiro zofunika kufufuza.

Funso lotsatira ndi lakuti, chasuntha n'chiyani? Kawirikawiri amayamba ndi zapafupi: kathovu kosonyeza ngati sikelo yakhala mowongoka, fumbi pa mbale, mphepo ya pawindo, kapena chipinda chimene chayamba kutentha pamene nyengo ikusintha. Mwala nawonso sungakhulupiriridwe kotheratu. Wina akaugwira ndi zala m'malo mwa chopanira, mafuta a m'manja amauwonjezera kulemera. Pofuna kusiyanitsa, amatulutsa mwala wachiwiri umene sugwiritsidwa ntchito kawirikawiri. Nawonso ukalemera kuposa kale, vuto lili pa sikelo kapena m'chipinda. Ukapanda kusintha, ndiye kuti mwala woyamba ndiwo wada. Pa chifukwa chofananacho, mwala wa tsiku ndi tsiku usakhale womwe uja amachunira sikelo, chifukwa ukasintha, sikelo imasinthira nawo limodzi ndipo tchati sichionetsa kanthu.

Pali chizolowezi china chimene chimapha ntchito yonseyi mwakachetechete: kuwerengeranso avereji mwezi uliwonse, kuphatikiza ndi manambala osunthawo. Mzere wapakati umangotsatira sikelo kumene ikupita, madontho n'kumaoneka ngati ali m'malo mwake. Malire amasinthidwa pokhapokha chifukwa chake chikadziwika, monga sikelo ikakonzedwa kapena ikasamutsidwira m'chipinda china, ndipo woyeza amalemba tsiku ndi chifukwacho pa tchati pomwepo asanayambe kusonkhanitsa masiku ena 25.